Ndi mamolekyulu angati ali pa sitepe ya pamwamba? Za q ndi mpweya wa NO

Tamanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Chonde ndithandizeni, mutu waima. Tapatsidwa funso la kemisitiri loti tikapereke Lachisanu. Akuti molekyulu ya NO, mpweya wa naitirojeni imodzi ndi okosijeni imodzi, ili ndi masitepe awiri a mphamvu, ya pansi ndi ya pamwamba, ndipo yapamwambayo yakwera ndi `121 cm⁻¹`. Akufuna tipeze patishoni fankishoni pa madigiri 25, kenako tinene kuti ndi gawo lanji la mamolekyulu lomwe lili pamwamba. Ine ndawerengera `exp(-ε/kT)`, momwe ε ndi kusiyana kwa mphamvu kuja, k ndi nambala ya Boltzmann ndipo T ndi kutentha, ndapeza 0.56, ndiye ndalemba kuti 56 pa 100 alionse ali pamwamba. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi wapeza 0.001. Takhala pamphasa ndi makalikuleta kuyambira masana, aliyense akukakamira yake. Walondola ndani?

Yamikani: Asisi, nonse awiri mwaphonya, koma inu muli pafupi. Mnzanuyo waika 25 pa T. Ndayesa pompano, k ndi 0.695, ndiye `121/(0.695 × 25)` ikupereka pafupifupi 7, ndipo `exp(-7)` ndi 0.001 yake ija. Pa T pamafunika makelivini, 298. Yanuyo 0.56 ndi yoona, kungoti si gawo, ndi reshiyo. Ikunena kuti pansi pakakhala mamolekyulu 100, pamwamba pali 56. Onse pamodzi ndi 156. Ndiye apamwamba ndi 56 mwa 156, osati 56 mwa 100.

Tamanda: Aaa! Ndiye kuti 56 kugawa ndi 156, ikubwera 0.36?

Yamikani: Eya, 36 pamwamba, 64 pansi. Ndipo mukanazindikira msanga, chifukwa sitepe ya pamwamba singakhale ndi oposa theka ngakhale mutenthetse bwanji. Mukangoona nambala yopitirira 50, dziwani kuti penapake palakwika.

Dalitso: Pepani kulowerera achimwene. Patishoni imeneyi si ija timachita ku labu ya mankhwala? Timathira madzi ndi okutanolo m'botolo limodzi, kuikamo mankhwala, kukhutchumula, kenako kudikira kuti zilekane, n'kuyeza kuti mankhwala ochuluka athawira mbali iti. Ngati ndi imeneyo ndili ndi manotsi ake, ndingatumize.

Mayi Nachisale: Zikomo a Dalitso, koma yanuyo ndi patishoni kofishenti, ndi nambala yoyeza m'botolo. Ya Tamanda ndi ina, ngakhale kuti pali ubale, poti zonse zikukamba za mmene mamolekyulu amagawikanira pakati pa malo awiri. Manotsiwo asungeni, tibwererako tsiku lina.

Tamanda mwanawe, zimene wanena Yamikani za 156 ndi zoona, ndipo ndikufuna uyang'anitsitse nambala imeneyo, chifukwa patishoni fankishoni ukuifunayo ndi yomweyo. Sitepe iliyonse timaipatsa kulemera kwake. Ya pansi timati mphamvu yake ndi ziro, choncho kulemera kwake ndi `exp(0)`, yomwe ndi 1. Ya pamwamba kulemera kwake ndi 0.56 wapeza uja. Ukaphatikiza ziwirizi wapeza `q = 1 + exp(-ε/kT)`, apa ndi 1.56. Gawo la sitepe iliyonse ndi kulemera kwake kugawa ndi q. Pansi `1/1.56`, pamwamba `0.56/1.56`. Basi. Mabuku ena amalemba Z m'malo mwa q, kuchokera ku liwu la Chijeremani lotanthauza kuphatikiza makhalidwe onse a chinthu.

Koma ine sindikonda kuti ophunzira azingoiona q ngati nambala yogawira. Iyeseni pa kuzizira koopsa. T ikayandikira ziro, `exp(-ε/kT)` imafota mpaka kutha, q n'kutsala 1. Mamolekyulu onse ali pansi, sitepe yofikirika ndi imodzi yokha. Kukatentha kwambiri, `ε/kT` imachepa mpaka kuyandikira ziro, `exp` n'kuyandikira 1, q n'kuyandikira 2. Masitepe onse awiri atseguka mofanana. Ndiye q ikukuuza kuti pa kutentha uku, molekyulu ikutha kufikira masitepe angati. Ukapeza 1.56, ukunena kuti sitepe ya pansi ndi yotseguka yonse, ndipo ya pamwamba yatseguka mopitirira pang'ono theka.

Tamanda: Zikomo kwambiri mayi, apa ndagwira. Koma pali chinanso. Mnzathu wa chaka chachinayi wationetsa yankho la chaka chatha, palembedwa kuti q ndi 3.11. Ine 1.56. Magawo akufanana ndi athu, 64 ndi 36. Zikutheka bwanji kuti q isiyane koma magawo afanane?

Mayi Nachisale: Tenga 1.557, q yako usanaifupikitse kukhala 1.56, uichulukitse kawiri uone. Mu NO, sitepe iliyonse ili ndi njira ziwiri zokhalira zomwe mphamvu yake ndi yofanana. Molekyulu imeneyi ili ndi elekitironi imodzi yopanda inzake. Elekitironiyo imazungulira mzere wolumikiza naitirojeni ndi okosijeni, chakumanja kapena chakumanzere, komanso ili ndi sipini yake yomwe ingaloze uku kapena uko. Kuzungulira ndi sipini zikatsutsana, mphamvu imatsika, ndipo pali njira ziwiri zotsutsanirana. Zikagwirizana, mphamvu imakwera ndi 121 uja, ndipo palinso njira ziwiri. Choncho q yathunthu ndi `2 + 2exp(-ε/kT)`, yomwe ikupereka 3.11. Pogawa, 2 wa pamwamba ndi 2 wa pansi amafafanizana, n'chifukwa chake magawo sakusintha. Pa pepala lako lemba 3.11, popeza funso lafunsa q ya NO yeniyeni. Kukazizira q imeneyi imatsikira ku 2, kukatentha imakwerera ku 4.

Apa ndipamene ndikufuna kukonza mawu a Yamikani pang'ono. Zoti pamwamba sipangapose theka ndi zoona pokhapokha masitepe onse awiri ali ndi njira zofanana kuchuluka kwake.

Yamikani: Mayi, apo ndiye sindikumvetsa. Chilengedwe chimakonda mphamvu yochepa. Pamwamba pangachuluke bwanji kuposa pansi zinthu zitakhazikika?

Mayi Nachisale: Tenga byuteni, mpweya wa mu laita ya fodya, womwe umapezekanso m'masilinda a gasi wophikira. Ndi unyolo wa makaboni anayi. Unyolowo ungatambasuke, nsonga ziwiri kutalikirana, ndipo imeneyo ndiyo sitepe ya pansi, ya njira imodzi yokha. Ungathenso kupindika, nsonga kuyandikirana, ndipo ungapindikire kumanja kapena kumanzere. Mphamvu yake ndi yofanana, ndiye sitepe ya pamwamba ili ndi njira ziwiri. Mabuku ambiri a oganiki amaika kusiyana kwake pa `3.8 kJ/mol`. Pa 298 K, RT, yomwe ndi kT ya molu imodzi, ndi `2.48 kJ/mol`. Ndiye `exp(-3.8/2.48)` ndi 0.22 pa njira imodzi, njira ziwiri 0.43, q ndi 1.43. Opindika ndi 30 pa 100, otambasuka 70. Tsopano kwezani kutentha m'maganizo. Kulemera kwa njira iliyonse kukuyandikira 1, q ikuyandikira 3, ndipo opindika akuyandikira magawo awiri mwa atatu. Amadutsa theka cha m'ma 660 K tikatsata masamu ophwekawa. Njira imodzi ya pamwamba siposa njira imodzi ya pansi, apo walondola. Koma sitepe yonse ingapose, chifukwa njira zake zachuluka.

Yamikani: Chabwino, ndavomera. Ndiye lamulo ndi la njira imodzi imodzi, osati la sitepe. Koma 3.8 ameneyo ine ndinaona kwina atalemba 2.8.

Mayi Nachisale: Unaona bwino. Miyeso ina ya byuteni ali mpweya imapereka pafupi ndi 2.8, ndipo ukaika imeneyo opindika amakwera kufika cha m'ma 39 pa 100. Taona mmene kilojulu imodzi yokha yasunthira yankho. Chilichonse chokhala mkati mwa `exp` chimafuna kusamala.

Aphunzitsi Kondwani: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimaphunzitsa fizikisi ku sekondale, izi sizili pa silabasi yathu, koma ndili ndi kalabu ya sayansi ya ana a folomu 4 ndipo tsiku lina mtsikana wina anandifunsa chifukwa chake kutentha sikukankhira zonse pamwamba. Iye amaganiza ngati chimanga chokazinga, moto ukachuluka zonse zidumphe. Ndinatolera zitsekerero khumi za mabotolo a zakumwa pa golosale, n'kuziyala pa desiki. Chovundikira tinati chili pansi, chogadama chili pamwamba. Ndinawafunsa kuti pali njira zingati zoti chimodzi chokha chigadame. Anawerenga, khumi. Ziwiri, anavutika pang'ono koma anafika pa 45. Zitatu 120, zinayi 210, zisanu 252. Titafika pa zisanu ndi chimodzi, mnyamata wina anakuwa kuti zabwereranso pa 210. Kenako tinaika zitsekererozo m'chitini cha mkaka n'kumakhutchumula mwamphamvu, kukhuthula pa desiki, kuwerenga. Nthawi zambiri zogadama zinkakhala pakatikati, zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi. Zonse khumi kugadama sitinazione ngakhale kamodzi. Ana anamvetsa kuti kukhutchumula mwamphamvu kumasakaniza, sikukweza zonse. Chimene ndinalephera kuwafotokozera ndi chakuti `exp` imachokera kuti. Mayi Nachisale, pali njira yofikira pamenepo kuchokera pa zitsekerero zomwezi?

Mayi Nachisale: Ilipo aphunzitsi, ndipo mwayenda kale theka la ulendo. Taonani manambala anu. Kuchoka pa zogadama ziwiri kupita pa zitatu, njira zachoka pa 45 kufika pa 120. Zachulukitsidwa ndi 8 kugawa ndi 3, kutanthauza zovundikira zomwe zinalipo kugawa ndi zogadama zomwe zilipo tsopano. Yesani penanso, kuchoka pa 120 kupita pa 210 ndi 7 kugawa ndi 4. Mamolekyulu akakhala ochuluka zedi, kukweza imodzi kumachulukitsa njira ndi `n0/n1`, apansi kugawa ndi apamwamba. Bola apansi achuluke, kukweza imodzi kumaonjezera njira.

Koma kukwezako si kwaulere. Mphamvu ε iyenera kuchokera kwinakwake, ku mamolekyulu ena owomba iyi, ku khoma la botolo, ku mpweya wa m'chipinda. Zozungulirazo nazonso zili ndi njira zake zogawirana mphamvu, ndipo mukazilanda ε, njira zake zimachepa. Zimachepa motani? Entirope yake S, muyeso wa kuchuluka kwa njirazo, imatsika ndi `ε/T`, ndipo popeza Boltzmann anatipatsa `S = k ln W`, njira W zimachulukitsidwa ndi `exp(-ε/kT)`, nambala yochepera 1. Ndiye pali kukokana. Mbali ino ikupindula `n0/n1`, mbali inayo ikutaya. Kukwera kumapitirira mpaka phindu ndi kutaya zifanane, pamene `(n0/n1) × exp(-ε/kT) = 1`. Mukatembenuza, `n1/n0 = exp(-ε/kT)`. Ndi 0.56 wa Tamanda uja.

Zozungulira zikakhala zozizira, kuzilanda ε kumazipweteka kwambiri, ndiye zimaumira, okwera amachepa. Zikakhala zotentha kwambiri sizimva n'komwe kuti zalandidwa, ndiye chotsala ndi kuwerenga kwa zitsekerero kokha, komwe kumathera pa theka ndi theka. Chitini chanu chokhutchumula mwamphamvu chikuonetsa malire amenewo. Kungoti chitsekerero cha botolo mbali zake sizifanana, ndiye musadabwe chikamakondera mbali imodzi pang'ono. Makobidi angachite bwino kuposa pamenepo.

Aphunzitsi Kondwani: Zoona mayi, zinkakonderadi, ndinkaganiza kuti ana akukhuthula molakwika. Izi za kukokana ndikaziyesa Lachitatu. Ndikuganiza zogawa ana magulu awiri, ena akhale mamolekyulu, ena akhale zozungulira atagwira nyemba ngati mphamvu.

Yamikani: Ndalemba kakodi koti aliyense aone mmene NO ikusinthira.

```python
from math import exp
for T in (77, 150, 298, 1000):
    b = exp(-121/(0.695*T))
    print(T, round(2+2*b, 2), round(b/(1+b), 2))
```

Apamwamba akutuluka 0.09 pa 77, 0.24 pa 150, 0.36 pa 298 ndi 0.46 pa 1000. Ndiye mukaviika botolo la NO mu naitirojeni wamadzi, pa 77 K, asanu ndi anayi okha pa 100 ndi amene atsale pamwamba.

Mayi Nachisale: Kodi yako ili bwino, koma mzere wa 77 uchotse. NO amasanduka madzi cha pa 121 K, ndipo pa 77 K amakhala atauma gwa, mamolekyulu atagwirana awiriawiri. Masitepe tikukambawa ndi a molekyulu yoyenda yokha mu mpweya. Kompyuta ikupatsa nambala pa T iliyonse ungaike, siikuuza kuti chinthucho chasintha. Ndipo Tamanda usasokoneze, 121 wa kuwira ndi 121 wa masitepe angokumana mwangozi, wina ndi makelivini, wina ndi `cm⁻¹`.

Mizere inayo iyang'aneni bwino. Kuchoka pa 150 kufika pa 298 apamwamba aonjezereka ndi 12 pa 100. Kuchoka pa 298 kufika pa 1000, kutentha kwakwera kopitirira katatu, koma aonjezereka ndi 10 okha. Kusintha kwakukulu kumachitika pamene kT ikuyandikana ndi ε. Ine ndisanagwire kalikuleta ndimayamba ndagawa ε ndi k kuti ndione kuti sitepeyo ndi ya makelivini angati. Ya NO ndi `121/0.695`, makelivini 174. Kutentha kwa m'chipinda kwaposa pamenepo, ndiye ndikudziwiratu kuti apamwamba akhala ambirindithu koma osafika theka. Mnzake wa Tamanda akanachita zimenezi, 0.001 akanaikana yekha.

Tamanda: Mayi, funso lina. Kodi NO ili ndi masitepe awiri okha basi? M'kalasi tinaphunziranso za kuzungulira ndi kunjenjemera kwa mamolekyulu, ndipo kumeneko masitepe ndi ambirimbiri.

Mayi Nachisale: Ali ambiri, ndipo wafunsa bwino. Tikamati awiri tikunena za maelekitironi okha. Sitepe yotsatira ya maelekitironi ili kutali, kupitirira `38,000 cm⁻¹`, pamene kT ya m'chipinda ndi 207 yokha. Kulemera kwake mu q ndi kochepa mwakuti palibe chifukwa cholembera. Kunjenjemera sitepe yake yoyamba ili cha pa `1,876 cm⁻¹`, pa 298 K pafupifupi molekyulu imodzi mwa 10,000 ndi imene imafikako. Kuzungulira ndiye masitepe ake ndi oyandikana kwambiri ndipo ambiri ndi otseguka, koma ali pamwamba pa masitepe onse awiri a maelekitironi mofanana ndithu, choncho pogawa amatsala pang'ono kufafanizana. Ndati amatsala pang'ono, chifukwa safanana ndendende. Amene akufuna nambala yolondola mpaka kumapeto amawerenga sitepe iliyonse payokha. Pa funso lako la Lachisanu, awiri akwana.

Mphatso: Moni wa madzulo kuchokera kuno ku Joni. Ine ndimagwira ntchito yojambula odwala ndi makina a MRI, ndipo nkhani yanuyi yandikumbutsa zomwe tinaphunzira, kuti mapulotoni a m'madzi a m'thupi ali ndi masitepe awiri akalowa mu maginito, kutsata maginito kapena kutsutsana nawo. Makina athu ndi a matesila 1.5. Aphunzitsi athu ankati osiyana ndi ochepa kwambiri, koma sindinawerengerepo ndekha. Zimatheka ndi q yomweyi?

Yamikani: Zimatheka achimwene, ndipo imeneyo ndiye ya masitepe awiri enieni, palibe lachitatu. Pa matesila 1.5 mapulotoni amayankha pa `64 MHz`. Mphamvu ndi `hν`, nambala ya Planck kuchulukitsa ndi 64 MHz ameneyo, thupi la munthu ndi 310 K. Ndawerengera, `ε/kT` ikutuluka pafupifupi 0.00001. Ndiye `exp` yake ndi 0.99999, q ndi 1.99999. Pafupifupi theka ndi theka.

Mayi Nachisale: Walondola Yamikani. Tikagawa ε ndi k apa, sitepeyo ndi ya makelivini 0.003 okha. Kwa mapulotoni amenewa thupi la munthu ndi ng'anjo, ali kale ku malire a chitini cha aphunzitsi Kondwani. Pa mapulotoni miliyoni imodzi, apansi amaposa apamwamba ndi asanu okha. Chithunzi chonse chimene mumaona a Mphatso chikuchokera pa asanu amenewo, ena onse amafafanizana. Chimene chimapulumutsa ndi kuchuluka. Mu mililita imodzi ya madzi muli mapulotoni a haidirojeni pafupifupi `6.7 × 10²²`, ndiye asanu pa miliyoni akukwana `3 × 10¹⁷`. Pa matesila 3 sitepe imatalika kawiri, otsalawo amakhala khumi pa miliyoni. N'chifukwa chake maginito amphamvu amapereka chithunzi choyera.

Mphatso: Asanu okha! Ndakhala pa makina amenewa zaka zambiri, lero ndiye ndaiona nambala yake ndi maso. Koma ndili ndi chotsutsa. Mwagwirizana kuti njira zikafanana, pamwamba sipangapose pansi. Ife tsiku lililonse timatembenuza mapulotoni. Pa sikirini ndikasankha `FLAIR` pojambula ubongo, makina amayamba ndi kugunda kwa wailesi kwa madigiri 180 komwe kumatembenuza maginito a mapulotoni, oloza kumwamba kuloza pansi. Kenako timadikira nthawi yotchedwa `TI`, kupitirira masekondi awiri, mpaka madzi a mu ubongo afike pa ziro pobwerera, ndiye timajambula, madziwo amaoneka akuda bii ndipo zotupa zoyandikana nawo zimaonekera. Pa nthawi imene tatembenuzayo, si kuti apamwamba achuluka?

Mayi Nachisale: Achulukadi, ndi asanu omwe aja pa miliyoni. Ndipo simunaswe lamulo, chifukwa q ndi magawo ake zimanena za zinthu zomwe zakhazikika ndi zozungulira zake. Inu mwawakakamiza ndi mphamvu yochokera kunja, ndipo mukangowasiya amayamba kubwerera, kupereka mphamvuyo ku mamolekyulu oyandikana nawo. Nthawi yobwererayo ndi `T1` yanu ija, mafuta amafulumira, madzi amachedwa masekondi angapo. Kumene akubwerera ndi kumene q yanena. Fomula imakuuzani kofikira, siikuuzani kuti ulendo utenga nthawi yaitali bwanji.

Koma pali chinthu chokoma apa. Mukaumirira kuika `n1/n0` yoposa 1 mu fomula, T imatuluka ya negetivu. Purcell ndi Pound anachita zimenezi mu 1951 ndi masipini a mu kirisito ya lifiyamu fuloraidi, momwe `T1` ndi yaitali, ya maminitsi. Anatembenuza maginito mwachangu kwambiri, masipini n'kutsala ochuluka ali pamwamba, ndipo anati masipiniwo ali pa kutentha kwa negetivu.

Dalitso: Ndiye kuti anazizira kuposa ziro ya kelivini? Ife anatiphunzitsa kuti pansi pa pamenepo palibe.

Mayi Nachisale: Ayi, anatentha. Bwererani ku manambala a aphunzitsi, 252 kenako 210. Mukadutsa theka, kuonjezera mphamvu kumachepetsa njira m'malo mozichulukitsa. Zinthu zotere zimafunitsitsa kutaya mphamvu, popeza potaya njira zake zimachuluka, ndipo wolandirayo njira zakenso zimachuluka. Ndiye mukazigunditsa ndi chinthu chilichonse cha kutentha wamba, ngakhale chitsulo chofiira, mphamvu imachoka kwa izo kupita ku chitsulo. Pa mndandanda wa kutentha zili kuseri kwa kutentha kopanda malire, osati kunsi kwa ziro.

Yamikani: Apa mayi ine ndikana ndithu. Mwangonena kumene kuti atatembenuzidwa sanakhazikike, ndipo T ndi ya zinthu zokhazikika. Ndiye negetivuyo ndi nambala chabe yotuluka poika zinthu mu fomula pamalo posayenera, ngati 77 yanga ija munaikana.

Mayi Nachisale: Si chimodzimodzi kwenikweni. Mu kirisito muja masipini amagawana mphamvu okhaokha mofulumira kwambiri, pamene kupereka ku maatomu a kirisito kumachedwa. Ndiye kwa kanthawi amakhala okhazikika pakati pawo, ali ndi kutentha kwawokwawo kosiyana ndi kwa kirisito. Komanso ali ndi denga, palibe sitepe yachitatu yothawirako. Mpweya wa NO sungachite zimenezi, chifukwa liwiro la mamolekyulu lilibe denga. Koma sindikutsutsa kotheratu. Alipo akatswiri a fizikisi amene mpaka pano amati entirope ikawerengedwa mwa njira ina, negetivuyo siituluka, ndipo ena amawayankha kuti njira yawoyo ndi imene ili ndi vuto. Ine ndili mbali yovomereza.

Yamikani: Ine ndikadali mbali yokana. Mundionetse chopimira kutentha chomwe chingalowe mmenemo n'kuwerenga negetivu.

Aphunzitsi Kondwani: Ine izi ana anga sindiwauza kaye, ndingawasokoneze. Koma funso la Yamikani landigwira. Chopimiracho chikanakhala cha masipini enanso, si chikanawerenga?

Mphatso: Ndipo ine ndikufuna kudziwa ngati mapulotoni a m'mutu mwa wodwala, pa kanthawi kaja tawatembenuza, tingawatchule kuti ali pa negetivu monga a mu kirisito, kapena m'madzi zimasiyana poti mamolekyulu akuyendayenda. Ndikulowa ntchito ya usiku, ndiwerenga m'mawa.

Tamanda: Ine ndalemba tsopano. T ndi 298 K, `kT = 207 cm⁻¹`, `q = 2 + 2(0.557) = 3.11`, pansi 0.64, pamwamba 0.36. Ndaonjezera mzere woti T ikatsika q ipita ku 2, ikakwera ipita ku 4. Mnzanga wafufuta 25 wake, koma tsopano wapeza 0.99999 penapake. Ndaona kuti wagwiritsa `121/(8.314 × 298)` kenako wagawanso ndi zina. Mayi, ndimuuze kuti alakwitsa pati?

Mayi Nachisale: Wasakaniza miyeso. 8.314 ndi R, imayenda ndi majulu pa molu, pamene 121 ndi `cm⁻¹`. Asankhe chimodzi. Akafuna `cm⁻¹`, k ndi 0.695. Akafuna R, ayambe wasintha 121 kukhala majulu pa molu pochulukitsa ndi 11.96, apeza pafupifupi 1,450. Agawe ndi `8.314 × 298`, yomwe ndi 2,478, ndipo pakati pa `exp` patuluka 0.58 yomwe ija. Muuze alembe miyeso pambali pa nambala iliyonse n'kuona ngati ikufafanizana yonse asanadine batani la `exp`. A Mphatso, funso lanu la madzi ndi kirisito ndilalitali, ndiyankha mawa ndikaweruka.